Makafulinki, chopanira tayi ndi bulochi: kasankhidwe ndi kavalidwe kake pa tsiku la mwambo

Kutatsala masiku awiri kuti msuweni wanga akwatitse, mnzake wa mkwati anatulukira pakhomo ali mwee, m'manja muli timabokosi tisanu ndi kamodzi. Anali atagulira anyamata onse operekeza makafulinki ofanana, tizitsulo tija timagwira mikono ya shati m'malo mwa batani. Anali okongola ndithu. Koma titatulutsa mashati m'mapepala ake tinangoyang'anizana, chifukwa onse anali a batani kumkono, kabowo kamodzi kokha. Panalibe polowetsa. Usiku umenewo amene anagona mochedwa ndi atelala, ndipo ndi iwo amene anandiphunzitsa zambiri zimene ndalemba pano.

Tizinthu titatu timeneti, kafulinki, chopanira tayi ndi bulochi, chokongoletsera chija timabaya pachovala ndi phini, tonse timakhala pansalu ndipo timailemetsa, kuipana kapena kuiboola. Choncho musayambe ndi kupita kusitolo. Yambani mwayala pabedi zovala zimene mudzavale tsikulo, muziyang'ane bwino, kenako muzikagula chimene nsaluyo ingalole.

Choyamba: onani mkono wa shati

Tengani shati, muyang'ane kumapeto kwa mkono. Mupeza umodzi mwa mitundu itatu. Wofala kwambiri ndi wa batani mbali imodzi, kabowo mbali inayo. Umenewu sulandira kafulinki. Wachiwiri ndi wautali mowirikiza, wopanda batani, umene umapindidwira m'mbuyo. Ukautambasula uli ndi mabowo anayi. Ogulitsa ena amautcha wachifalansa, ndipo ndiwo mwini wake wa makafulinki. Wachitatu uli ndi batani, koma pafupi ndi batanilo pali kabowo kena. Umenewu mutha kumanga ndi batani masiku ena onse, tsiku la mwambo n'kulowetsa kafulinki. Anthu ambiri ali nayo shati yotere m'nyumba osadziwa, makamaka zogula pakaunjika, poti kabowo kachiwirika nthawi zina kamakhala kasanatsegulidwe n'komwe.

Ngati shati yanu ndi ya mtundu woyamba uja ndipo makafulinki mwagula kale, chitani zimene tinachita ife. Atelala amachotsa batani, n'kusoka kabowo pamalo pake. Chofunika kuwauza n'chakuti kabowo katsopanoko katalikirane ndi m'mphepete mofanana ndi kakale kaja, ndipo kakhale kautali wofanana. Pindani mkonowo kuti nsonga ziwirizo zikumane, mulowetse pensulo pakabowo kakale kuti ilembe chizindikiro mbali inayo. Akangosoka mwa maso, nsonga imodzi imatsogola inzake ndipo mkono umaoneka wopindika. Pa mashati athu asanu ndi imodzi aja, yoyamba inatuluka chomwecho asanatulukire nzeru ya pensuloyi, ndipo mwini wake anavina tsiku lonse dzanja lili m'thumba.

Dziwaninso kuti shati mwaisintha choncho sibwereranso. Kuyambira pamenepo izifuna kafulinki nthawi zonse. Ngati ndi shati yokhayo yoyera imene muli nayo, yopita nayo kutchalitchi ndi kuntchito komwe, ganizirani kawiri.

Chachiwiri: sankhani kafulinki poyang'ana kumbuyo kwake

Tonse timakopeka ndi nkhope ya kafulinki, koma chimene chimataya anthu ndi kumbuyo. Ofala kwambiri ali ndi kamtengo kachitsulo kamene kamatembenuka: mukakaimika kamalowa m'bowo, mukakagoneka kamatseka. Pogula, katembenuzeni kangapo ndi chala. Kabwino kamalimba pang'ono kenako kamalira kuti tha, n'kukhazikika. Kakamangozungulira kokha mukagwedeza, kasiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo. Kotere kamadziimika kokha munthu akuvina, n'kupulumuka. Pa perekaniperekani, pamene manja akuponya ndalama m'mwamba kwa maola atatu, makafulinki ofooka ndi pomwe amathera, ndipo pansi podzaza ndalama ndi mapazi simungamupezenso.

Alipo ena a nkhope ziwiri zolumikizidwa ndi katcheni. Amenewa amaoneka bwino mbali zonse koma amavuta kudziveka wekha, ndipo amasiya mkono womasuka. Alipo osatembenuka, a kampira kumapeto, amene mumangokankha. Alibe choti n'kuthyoka, koma amafuna bowo lokula bwino. Palinso a timfundo ta ulusi wotanuka, otsika mtengo, a mitundumitundu. Ine ndimakonda kukhala ndi awiri otere m'thumba la jekete ngati opulumutsira. Pa ukwati wa masana ndi ovomerezeka ndithu, koma pamwambo wa usiku wa suti yakuda achitsulo ndiwo amakhala bwino.

Za chitsulo chake: siliva weniweni kawirikawiri amakhala ndi chidindo cha 925 kumbuyo. Ngakhale chidindo chingathe kukhala chabodza, maginito amathandizako, chifukwa siliva ndi golide sizikokedwa ndi maginito. Ingosamalani kuti kasipuling'i ka mkati mwa kotsekera kaja n'kachitsulo wamba, ndiye yesani pankhope, osati kumbuyo. Komanso kusakokedwa si umboni wokwanira, poti mkuwa nawo sukokedwa. Zambiri zimene zili pamsika ndi mkuwa wokutidwa pamwamba, ndipo si vuto ngati mwagula mukudziwa. Zimangofuna kuti muzionetsetsa m'makona ngati utoto wayamba kale kusupuka. Amene khungu lake limachita zidzolo ndi chitsulo cha lamba kapena ndolo zotsika mtengo, nthawi zambiri chimamuvuta ndi nikelo amene amasakanizidwa m'zitsulo zotere. Munthu wotere asamale, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene thukuta limanyowetsa mkono wonse.

Chachitatu: kuvala kwake

Sitani shati mkono uli wotambasula, ndipo musaudinde mzere wopindira ndi simbi yotentha kwambiri nthawi zonse, chifukwa pamzerepo ndi pamene nsalu imayambira kutha. Valani shatiyo. Pindani mkono kamodzi kubwerera chakuchigongono mpaka mabowo agwirizane, awiri uku awiri uku.

Tsopano gwirani nsonga ziwirizo kuti zikumane mkati ndi mkati, ngati zikhato za munthu amene akuwomba m'manja. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amasanjikiza nsonga imodzi pamwamba pa inzake monga amachitira ndi shati ya batani. Zikatero kafulinki amagona chammbali ndipo kotsekera kaja kamakanda dzanja. Imikani kotsekerako, mulowetse kuchokera kunja, mbali ya kuseri kwa dzanja kumene kumakhala nkhope ya wotchi, mudutse mabowo onse anayi, kenako mukagoneke. Tsitsani manja muime pagalasi. Nkhope ya kafulinki izioneka kunja, kotsekera kakhale mbali ya ntchafu. Ngati pali chilembo kapena chithunzi, onani kuti mbali zonse ziwiri chaima mofanana.

Dzanja limene mumalembera ndilo lovuta kuliveka, poti likuvekedwa ndi linzake losazolowera. Yambani ndi limenelo mtima usanatope, kapena itanani wina. Palibe manyazi, mkwati amavekedwa.

Pomaliza valani jekete. Mkono wa shati uzisuzumira pafupifupi sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka kupitirira wa jekete. Masuti ambiri ogula osokasoka ali ndi mikono yaitali mpaka kubisa chala chachikulu, ndipo mkati mwa jekete yotere ngakhale kafulinki wa golide ndi ndalama yotaya. Ngati ndalama ikukwanira chimodzi chokha, kafupikitseni mikono ya jekete kwa atelala, makafulinki adikire.

Chachinayi: chopanira tayi

Ichi chili ndi ntchito imodzi, kugwira tayi kuti isauluke ndi mphepo kapena kugwera m'mbale. Ndiye chizipana zinthu zitatu pamodzi: lilime lalikulu la tayi, laling'ono lakumbuyo, ndi mpendero wa shati umene uli ndi mabowo a mabatani. Ndimaona anyamata ambiri pazithunzi za ukwati atapana tayi yokha, shati osaigwira. Akawerama kuti apatse moni azakhali, tayi imalendewera pamodzi ndi chitsulo chake, ndipo kulemerako kumangowonjezera kuigwetsera mumsuzi.

Yezani tayi yanu musanagule, ndipo muyeze pachifuwa pamene chopaniracho chidzakhale, osati kunsonga kumene ndi kotambalala. Chopanira chisapitirire m'lifupi mwa tayi. Chimaoneka bwino chikatenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Tayi ikakhala ya masentimita 8 pamenepo, chopanira cha masentimita 6 chikwana. Matayi owonda amene achinyamata amakonda, a masentimita 5 kapena 6, amafuna cha masentimita 4. Mavuto amabwera mnyamata akabwereka chopanira cha bambo ake, chimene chinapangidwira tayi yaikulu, n'kuchiika pa katayi kake kowonda: chitsulo chimatulukira mbali ngati mtanda. Ngati mulibe tepi, pitani nayo tayiyo kumsika.

Malo ake ndi pakati pa batani lachitatu ndi lachinayi, kuwerenga kuyambira la pakolala. Pamenepo ndi chapakati pa chifuwa. Mukamanga batani la jekete, chizionekabe pamwamba pake. Chikakwera kufupi ndi mfundo sichigwira kanthu, chikatsikira pamimba chimabisika. Lowetsani kuchokera kudzanja lanu lamanja kupita kumanzere, chifukwa shati yachimuna imatseka mbali yamanzere pamwamba pa yamanja, kotero kukamwa kwa mpendero kuli kumanja. Chigone mopingasa, osapendama.

Musanapane, kokerani tayi m'mwamba pang'ono, mwina sentimita imodzi, kuti pakati pa mfundo ndi chopanira pakhale kotupa pang'ono. Mukapana tayi ili yokokeka, mukangotukula mutu kapena kukweza manja imakoka shati, ndipo chopanira chimapendama kapena kufwamphuka.

Zopanira zilipo za mitundu iwiri. China chili ndi sipuling'i ndi timano, chimatseguka ngati chopanira zovala pachingwe. Chimagwira zolimba ndipo chimayenera tayi yokhuthala, koma timanoto timasiya zipsera pa tayi yosalala ya silika. China n'chongolowetsa, chopanda sipuling'i, chabwino pa tayi yopyapyala, koma mukachikakamiza pa yokhuthala chimayasama ndipo sichibwereranso.

Palinso phini weniweni woboola tayi, wa kamutu kokongoletsa, kotsekera kumbuyo, ndi katcheni kokhala ndi kamtanda kumapeto. Kamtandako kamalowa pabowo la batani la shati, ndipo ndiko kamagwira tayi. Ineyo sindimulimbikitsa pa tayi yonyezimira, chifukwa bowo lake silitsekeka ndipo ulusi umatha kusololoka. Pa tayi yolukidwa mokhakhala saonetsa chilonda. Ngati mwaganiza zomuvala, muziboola pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo tayi yobwereka musaiboole.

Mukavala wesikoti, chopanira chisiyeni kunyumba, poti wesikotiyo yagwira kale tayi. Pa tayi yagulugufe n'zodziwikiratu, palibe chopana.

Chachisanu: bulochi

Apa ndikhalitsapo, chifukwa zovala zimene bulochi imawononga ndi zimene zimadya ndalama zambiri. Pa ukwati womwe uja, mayi a mkwatibwi anasoketsa diresi ya nsalu yopepuka yoterera, ndipo mwana wawo wa kunja anawatumizira bulochi yaikulu ya timiyala. Ataibaya, inawerama ngati mpendadzuwa wofota, nsalu itakokeka, pobaya pakuoneka timabowo tiwiri tikukula. Anafuna kuisiya. Anaipulumutsa ndi mayi wina wa kumpingo amene anapempha lumo ndi kachigamba.

Anachita motere. Anadula kansalu kolimba, kocheperako pang'ono kuposa bulochiyo kuti kasaonekere, n'kukapinda kawiri. Kachidutswa ka chitenje kapena ka jinzi yakale kamakwana. Anakaika mkati mwa diresi, kuseri kwa pamene bulochi ikhale. Kenako anabaya phini kudutsa diresi ndi kachigambako, osati kamodzi, koma kulowa, kutuluka, kulowanso, kutulukanso, ngati akusoka, kotero kuti pafupifupi utali wonse wa phini unali utagwira nsalu. Kulemera kunagawikana, bulochi inagona. Mukangotsina nsalu pang'ono pakati pa phini, bulochi imakhala ndi mpata wogwedezeka ndipo kulemera konse kumakhala pa timaulusi tochepa. Njira ina, ngati malo akugwirizana, ndi kukoletsa phini palamba wa kamisolo mkati.

Pogula, itembenuzeni muone pamene phini wadutsa. Akakhala pamwamba pa pakati, bulochi imalendewera bwino n'kugona pachifuwa. Akadutsa pakatikati penipeni, yolemera imagwa chafufumimba. Onaninso chotsekera. Chabwino chili ndi kogudubuza kamene mumatembenuza kuti katsekere nsonga ya phini. Chongokhala ngati mbedza chimamasuka mosavuta. Ngati yanu ndi yambedza, mukamaliza kubaya lowetsani kunsonga ya phini kalabala kaja kotsekera ndolo kumbuyo, musanakolowetse m'mbedza. Ngakhale itamasuka, sigwa. Yendetsaninso chala pa timano togwira miyala. Tikamakanda chala, tidzakola lesi, mpango, ngakhale tsitsi la amene mukumukumbatira.

Nsalu ndiyo isankhe kukula kwake. Jekete ya suti ndi chitenje chokhuthala zimanyamula bulochi yolemera popanda vuto. Nsalu yopyapyala imafuna yaing'ono. Pa lesi bayani modutsa nsalu ya mkati, osati maluwa a lesiyo okha. Za maonekedwe, chitenje cha maluwa ambiri chimameza bulochi ya mitundumitundu, munthu sangaione n'komwe. Pamenepo pamafunika yachitsulo cha mtundu umodzi, kapena ya ngale zoyera, yoikidwa pamene nsalu ili ndi mpata wopanda zojambula, kapena pakolala ngati atelala anaika ya mtundu umodzi. Ya timiyala tambiri isungireni diresi yopanda maluwa.

Mwachizolowezi imakhala kumanzere, zala zinayi kutsika kuchokera pafupa la m'khosi, pamene chifuwa chisanayambe kukwera. Ikatsika kuposa apo imaloza pansi ndipo imakokera maso polakwika. Koma chizolowezi chisakumangeni. Ngati chikwama mumakoleka paphewa lamanzere, bulochi ipite kumanja. Imathanso kukhala pakati kutseka khosi la bulauzi, kugwira mpango paphewa, kapena pambali pa duku, bola mubaye pamene duku yapindana kangapo ndipo nsonga ya phini isaloze kumutu. Amene adzanyamule khanda tsiku limenelo ndi bwino angoileka.

Kanthu kena kamene anthu saganizira: magalimoto athu chiwongolero chili kumanja, ndiye amene wakhala kutsogolo pambali pa dalaivala lamba amamudutsa paphewa lamanzere, pomwe pali bulochi. Lambayo amaikanikiza ndi kuikoka ulendo wonse, ndipo pa bampu iliyonse nsalu imang'ambika pang'ono. Ikani m'chikwama, mukavale mukafika. Zilipo za maginito zosaboola nsalu, zabwino pa zovala zopyapyala, koma zimagwa wina akakukhulani, ndipo munthu amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda asavale maginito pachifuwa.

Abambo nawo amavala kaphini pakolala ya jekete, kumanzere pamene pali kabowo. Pa masuti ambiri kabowoko n'kongojambula ndi ulusi, choncho bayani pamzere wa ulusiwo kuti chilonda chisaoneke. Ngati operekeza apatsidwa duwa la pachifuwa, duwalo latenga kale malowo. Kaphini kadikire tsiku lina.

Chachisanu ndi chimodzi: ikani zonse pamodzi, kenako chotsani

Valani zonse tsiku limodzi mwambo usanafike, muime pagalasi masana. Zitsulo zigwirizane mtundu: wotchi ikakhala yoyera ngati siliva, makafulinki, chopanira ndi chitsulo cha lamba zikhale zoyera. Ikakhala yagolide, zitsatire. Mphete ya ukwati musaiwerengere, imeneyo siivulidwa chifukwa cha tayi. Kwa amayi, bulochi yaikulu ndi mkanda waukulu zimalimbirana malo amodzi. Sankhani chimodzi, ndolo zikhale zazing'ono.

Mabokosi aja amagulitsa zonse pamodzi, tayi, kampango ka m'thumba, makafulinki, chopanira ndi kaphini, sakukakamizani kuvala zonse tsiku limodzi. Kwa mwamuna, ziwiri zonyezimira zakwana kuwonjezera pa wotchi. Mwambo nawo uli ndi mawu ake. Pa ukwati, operekeza asapose mkwati. Pamaliro ndi pokafunsidwa mafunso a ntchito, valani zosalala zopanda miyala, kapena osavala n'komwe. Pa yunifolomu ya kumpingo kapena ya bungwe, baji yawo ndiyo bulochi, musawonjezerepo musanafunse atsogoleri. Pa tsiku lolandira digiri, gauni imabisa zambiri, koma chopanira chimathandiza ndithu, chifukwa chovala cha pamapewa chija chimakonda kukokera kumbuyo n'kusokoneza tayi.

Mafuta onunkhira thirani musanavale zitsulo, muyembekeze aume, chifukwa amadetsa siliva ndi kusupula zokutidwa. Mukabwerako madzulo, ngakhale mutatopa chotani, chotsani makafulinki musanavule shati. Ambiri amasowera m'beseni lochapira, mmodzi n'kutayidwa ndi madzi a sopo kuseri kwa nyumba. Apukuteni thukuta ndi kansalu kofewa kouma, muwabwezere m'kabokosi kawo onse awiri, ndipo bulochi muisunge itatsekedwa, payokha, kuti phini asakande zinzake.